Kontolola ya sola: mmene imatetezera batire, ndi zimene MPPT imachita

Funso lake ndi lomwelija. Munthu wa ku Makanjira, wa ku Malindi kaya wa ku Monkey Bay wagula batire yatsopano, panelo yake ndi yaikulu, dzuwa la kuno ku Mangochi silinyengerera, koma chaka chisanathe batire yayamba kuzima 9 koloko usiku. Ndiye amafunsa kuti batireyo inali yabodza kapena ayi. Nthawi zina imakhaladi yabodza, koma kawirikawiri vuto limakhala pa kabokosi kaja kamene kali pakati pa panelo ndi batire, kamene ena amati kontolola, ena legiyuleta. Mwina kabokosiko sikogwirizana ndi panelo, mwina kanalumikizidwa molakwika, mwinanso palibe amene anakasintha chichokereni m'katoni. Tayankha funsoli kambirimbiri, choncho talemba pano kamodzi kuti muziwerenga muli ndi zipangizo zanu pafupi.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: golosale ya m'mbali mwa nyanja, kumene mawaya a ESCOM sanafike, yokhala ndi panelo imodzi ya mawati 300, batire ya asidi ya mavoloti 12 yolembedwa 150Ah, mababu, malo otchajira mafoni ndi kafiriji ka zakumwa koyendera inveta.

1. Dziwani kaye mawu atatu

Mavoloti ndi mphamvu yokankha magetsi, ngati mmene madzi amakankhira mu paipi yochokera pa thanki yokwezeka. Maampu ndi kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda, ngati kuchuluka kwa madzi otuluka pampopi. Mawati ndi ntchito yeniyeni, ndipo mumawapeza pochulukitsa ziwirizi:

```
W = V x A
```

Zimene zalembedwa pa batire, 150Ah, ndi kukula kwa nkhokwe: maampu kuchulukitsa ndi maola. Mukagwira zimenezi, zotsalazo ndi masamu a ku pulayimale.

2. Mvetsani zimene zimapha batire ya asidi

Batire ya mavoloti 12 ili ndi zipinda 6 mkati, chilichonse cha mavoloti 2 ndi pang'ono, chokhala ndi timapuleti ta mtovu tomizidwa m'madzi a asidi. Ikadzaza n'kupuma maola awiri kapena atatu osatchajidwa, osayatsa kanthu, imawerenga pafupifupi 12.7. Ikafika pa theka imawerenga cha m'ma 12.1 kapena 12.2. Pa 11.8 ndiye kuti yatsala pang'ono kutheratu. Onani kuti kuchoka podzaza kufika pongotsala pang'ono sipakwana ndi voloti imodzi yomwe. N'chifukwa chake tizigawo ta voloti timene tikambe pano si nkhani yaing'ono.

Batire imafa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kudyetsedwa mopitirira. Panelo yaing'ono imene amati ndi ya mavoloti 12 imatha kutulutsa mavoloti 21 kapena 22 ikakhala yosalumikiza. Mukailumikiza molunjika pa batire, monga ambiri amachitira ndi timawaya topana, batire ikadzaza panelo siidziwa, imangopitiriza kukankha. Mavoloti amakwera kupitirira 15, madzi a m'batire amayamba kubwata n'kusanduka mpweya, timapuleti timatulukira pamwamba pa madzi n'kuwonongeka. Mumamva fungo ngati la dzira lovunda, batire imatentha, ndipo ikakhala yomata ija yosathira madzi imatupa m'mbali. Yomatayo ikatupa yatha, chifukwa madzi amene yataya simungawabwezere.

Njira yachiwiri ndi njala, ndipo kuno ndi imene imapha mabatire ambiri mwakachetechete. Batire ikamatsika, pa timapuleti pamamera utoto woyera wa salufeti. Ikatchajidwa msanga mpaka kudzaza, utotowo umasungunuka n'kubwerera m'madzi. Ikakhala masiku ambiri osadzaza, utotowo umauma n'kukhala timiyala tosasungunukanso, ndipo nkhokwe ija imachepa. Batire yotere mumaizindikira chifukwa imadzaza msanga, cha m'ma 10 koloko m'mawa kontolola yaonetsa kale kuti yakhuta, koma usiku imathanso msanga. Anthu amakondwera kuti batire ikudzaza mwachangu, osadziwa kuti mgolo wasanduka ndowa.

3. Onani zimene kontolola imachita tsiku lonse

Kontolola yabwino imadyetsa batire m'magawo atatu. M'mawa imalola magetsi onse amene panelo ikupereka kuti alowe, ndipo mavoloti a batire amakwera pang'onopang'ono. Akafika pa mlingo umene munaika, mwachitsanzo 14.4, imawagwira pomwepo kwa ola limodzi kapena awiri, maampu n'kumatsika okha pamene batire ikukhuta. Gawo limeneli pa sikirini limalembedwa Boost kapena Absorption, ndipo ndi limene limasungunula utoto uja. Batire imene sifika gawoli kwa masiku angapo ili pa njala ngakhale magetsi akuyaka. Gawo lachitatu ndi Float, pamene kontolola imatsitsa mavoloti kufika pa 13.6 mpaka 13.8 kuti batire ikhale yodzaza popanda kubwata.

Usiku kontolola imatseka njira kuti magetsi asabwerere kuchoka ku batire kupita ku panelo. Ndipo batire ikatsika kwambiri imadula zinthu zonse zolumikizidwa pa timabowo tolembedwa LOAD. Mlingo wodulirawo pa sikirini umalembedwa LVD.

Apa pali msampha umene ambiri sauona. Kontolola imangodula zimene zadutsa pa LOAD basi. Inveta siilumikizidwa pamenepo, chifukwa imakoka maampu ambiri oti angawotche timabowo timeneto. Imapita molunjika ku batire kudzera pa fiyuzi yake. Ndiye kuti firiji ya m'golosale ija kontolola siingaidule. Mainveta ambiri otchipa amalira ndi kudzizimitsa okha batire itafika cha m'ma 10.5, pamene yafinyidwa kale mpaka pansi. Ngati inveta yanu imalola kusintha mlingowu, ukwezeni. Ngati siilola, woteteza batire ndinu: muziyang'ana mavoloti madzulo, ndipo akafika cha m'ma 11.9 firiji ikuyenda, zimitsani.

4. Werengani chikwangwani cha kuseri kwa panelo

Musagule kontolola musanatembenuze panelo. Kuseri kuli kapepala komatidwa, ndipo manambala ofunika ndi anayi. Pa panelo ya mawati 300 ya m'chitsanzo chathu ali chonchi, ngakhale anu angasiyane pang'ono:

```
Vmp 32.5 V   Imp 9.2 A
Voc 40 V     Isc 9.8 A
```

Voc ndi mavoloti a panelo ikakhala padzuwa yosalumikiza ku chilichonse. Isc ndi maampu ochuluka kwambiri amene ingatulutse, mawaya ake awiri atagundanitsidwa. Vmp ndi Imp ndi mavoloti ndi maampu a pamalo pamene panelo imapereka mawati ake onse: 32.5 kuchulukitsa ndi 9.2 ndi pafupifupi 300.

Manambalawa anayezedwa panelo ili pa madigiri 25, kuwala kuli mawati 1000 pa sikweya mita. Padenga la malata ku Mangochi mu Okutobala, masana panelo imafika madigiri 60 kapena kuposa, moti simungaikepo dzanja nthawi yaitali. Panelo ikatentha mavoloti ake amatsika, ndipo mawati amachepa ndi pafupifupi 0.4 pa 100 pa digiri iliyonse yoposa 25. Kuchoka pa 25 kufika pa 60 ndi madigiri 35, ndiye mwataya pafupifupi 14 pa 100. Panelo yathu ya 300 masana otentha imapereka cha m'ma 258, ndipo Vmp yake yatsika kuchoka pa 32.5 kufika cha m'ma 28. Sungani nambala imeneyi.

5. Gawo lovuta: MPPT n'chiyani, ndipo imakupindulirani liti

Apa tikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndalama zimatayikira.

Panelo siili ngati batire, imene mavoloti ake amakhala pafupifupi pamodzimodzi. Panelo imatulutsa maampu pafupifupi ofanana kaya mwaigwira pa mavoloti otsika kaya okwera, mpaka pamalo ena pamene maampu amagwa mwadzidzidzi. Tengani panelo yathu ija masana otentha. Mukaigwira pa mavoloti 13 imapereka maampu 9.7, amene ndi mawati 126. Pa mavoloti 24 imapereka maampu 9.5, mawati 228. Pa 28 imapereka 9.2, mawati 258. Mukapitirira kufika pa 31 maampu amagwa kufika cha m'ma 7, mawati n'kutsika kufika cha m'ma 217. Pa 36 palibenso ampu ndi imodzi yomwe, mawati ndi ziro. Mwaona kuti mawati akukwera, afika pansonga pa mavoloti 28, kenako atsika. Nsonga imeneyo ndi imene pa katoni amailemba kuti Maximum Power Point, malo amene panelo imapereka mphamvu zake zonse. Chilembo chomaliza cha MPPT chikuimira kulondola, kutanthauza kuisaka nsongayo ndi kuitsatira pamene ikusuntha.

Kontolola ya mtundu wa PWM, yotchipa ija imene ili m'mashopu ambiri, siisaka nsonga iliyonse. Mkati mwake muli switchi yamagetsi imene imangolumikiza panelo ku batire. Ikalumikiza, batire imakokera panelo pansi kuti ikhale pa mavoloti a batireyo, 13 kapena 14. Batire ikayandikira kudzaza, switchiyo imatsegula ndi kutseka mofulumira kwambiri, kambirimbiri pa sekondi, kuti mavoloti asapitirire. Kuteteza batire imatetezadi bwino. Koma pa panelo yathu, kuigwira pa mavoloti 13 ndiye kuti mukutenga mawati 126 pa 258 amene analipo. Otsalawo sikuti akuwotchedwa mu kontolola ayi. Panelo siikuwapanga n'komwe, chifukwa yagwiridwa pamalo olakwika. Munalipira panelo yonse, mukudya theka.

MPPT imalekanitsa mbali ziwirizi. Imasiya panelo kuti igwire ntchito pa mavoloti 28, n'kutenga mawatiwo kuwasandutsa a mavoloti otsika ndi maampu ochuluka. Ganizirani lole yodzaza matumba ikukwera mapiri a msewu wa ku Namwera. Dalaivala amaika giya yotsika: injini ikuzungulira pamene ili ndi mphamvu zake zonse, matayala akuyenda pang'onopang'ono koma akukoka kwambiri. Mphamvu ndi yomweyo, yangosinthidwa maonekedwe. Mu MPPT giyayo ndi chikoyilo cha waya wa kopa wokulungidwa pa mphete, pamodzi ndi maswitchi othamanga. Pang'ono pamatayika ngati kutentha, tinene 5 pa 100, ndiye pa 258 patsala 245. Gawani ndi mavoloti 13 a batire, mupeza maampu pafupifupi 19. Kuchokera ku panelo kukubwera maampu 9.2, ku batire kukupita 19. Si matsenga, ndi masamu a pa gawo loyamba aja.

Nanga nsongayo imaipeza bwanji, popeza imasuntha mtambo ukadutsa, kapena mphepo ya mwera ikaziziritsa panelo? Njira yofala ndi yoyesa n'kuona. Kontolola imasuntha mavoloti a panelo pang'ono, n'kuyeza mawati. Akachuluka imapitiriza mbali yomweyo, akachepa imabwerera. Imachita zimenezi mosalekeza tsiku lonse, ndiye mukayang'anitsitsa pa sikirini muona nambala ya PV, imene ndi mavoloti a panelo, ikugwedezeka pang'ono, 27.8, 28.3, 28.0. Kugwedezekako si vuto, ndi chizindikiro chakuti ikusaka.

Tsopano bwererani ku golosale. Tiyerekeze kuti tsikulo lapereka dzuwa lokwana maola 5 amphamvu. Ndi PWM, maampu 9.7 kwa maola 5 ndi pafupifupi 48Ah. Ndi MPPT, maampu 19 kwa maola 5 ndi 95Ah. Ngati usiku firiji ndi mababu zimadya theka la batire, ndiye 75Ah, ndipo kuti zibwerere pamafunika zoposerapo, cha m'ma 85 kapena 90, chifukwa batire ya asidi siisunga zonse zimene mwaipatsa. PWM ikubweza 48 pamene pachoka 75. Pakatha masiku atatu batire ili pansi, ndipo kuyambira pamenepo imangokhalira pakati pa kutheratu ndi kagawo kochepa, osafikanso pa Boost. Umu ndi mmene batire yabwinobwino imafera miyezi ingapo, dzuwa likuswa mtengo. MPPT pa panelo yomweyo ikubweza zokwanira, ngakhale pang'ono chabe pamwamba. Ngati firiji ikuyendanso masana, ikudya pa 95 yomweyo, ndiye pafunika panelo yachiwiri kapena kuchepetsa za usiku.

Koma musathamangire kunena kuti MPPT ndi yofunika kwa aliyense. Phindu lake limadalira mpata umene uli pakati pa mavoloti a panelo ndi a batire. Tengani panelo yaing'ono ya mawati 150, ya Vmp 18 ndi Imp 8.3, mtundu umene unapangidwira batire ya mavoloti 12. Pa madigiri 60, Vmp yake yatsika kufika cha m'ma 15.5. Batire ikutchajidwa pa 13.5 mpaka 14.4, ndiye mpata watsala voloti imodzi kapena awiri. MPPT ipeza mawati 129, ichotsepo zake, ipereke maampu pafupifupi 9. PWM ipereka cha m'ma 8.6. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti sikungabweze mtengo wa MPPT. Zimene amalemba pa makatoni zoti mupeza 30 pa 100 yoonjezera zimachitika kumalo ozizira, kumene mavoloti a panelo amakhala okwera. Kuno kunyanja kutentha kumadya phindu limenelo. Mu Juni ndi Julayi, nthawi ya mwera, mpatawo umakulako, koma osati moti n'kusintha chiweruzo.

Ndiye lamulo lathu ndi ili. Ngati Vmp ili cha m'ma 17 kapena 18 ndipo batire ndi ya 12, PWM yabwino ikukwanirani, ndalama yotsalayo gulirani waya wonenepa. Ngati Vmp ili 30 kapena kuposa ndipo batire ndi ya 12, pafunika MPPT. Mapanelo akuluakulu amenewa ndi amene achuluka masiku ano, ndipo anthu ambiri amawagula n'kuwaika pa kontolola yakale ija.

6. Sankhani kukula kwake

Pa MPPT nambala ya maampu yolembedwa pa katoni ndi ya mbali ya batire. Gawani mawati a panelo ndi 13. Pa golosale yathu, 300 kugawa ndi 13 ndi 23, ndiye tengani ya maampu 30. Ya maampu 20 yabwino siingapse, imangodula zoposera 20, koma m'mawa wozizira mutayako pang'ono. Pa PWM yang'anani Isc ya panelo, muonjezerepo kota: mwachitsanzo Isc ya 8.9 imakhala 11, ndiye ya maampu 10 yachepa.

Nambala yachiwiri ndi yoopsa kuposa yoyamba. Imalembedwa Max PV voltage, ndipo mukaipitirira kontolola imatha kupsa nthawi yomweyo. Pano gwiritsani ntchito Voc, osati Vmp. Mukalumikiza mapanelo awiri mondondozana, pulasi ya ina ku mainasi ya inzake, mavoloti amaphatikizana: 40 ndi 40 ndi 80. M'mawa wozizira wa Juni amakwerako pang'ono, kufika 82 kapena 83. Kontolola yolembedwa 100V ili bwino, yolembedwa 75V ingapse, ndipo atatu mondondozana pa ya 100V musayese. Ma PWM ambiri amalekera pa 50V kapena kutsika apo.

Onaninso batire ngati ingalandire maampu amenewo. Ya asidi imakonda kutchajidwa ndi maampu a pakati pa 10 ndi 20 pa 100 a kukula kwake. Pa 150Ah ndi maampu 15 mpaka 30, ndiye 19 aja ali pakatikati. Panelo yomweyo pa batire ya 50Ah ingakhale yochuluka.

7. Zindikirani MPPT yabodza

Pamsika pali timabokosi topepuka tapulasitiki, ta timabowo totchajira foni, tolembedwa MPPT ndi zilembo zikuluzikulu pomwe mkati ndi PWM. Yeniyeni imalemera m'manja chifukwa cha chikoyilo chija ndi chitsulo cha mizeremizere chotayira kutentha kumbuyo kwake, ndipo nthawi zambiri Max PV voltage yake ndi 75, 100 kapena 150. Mtengo wake umaposa wa PWM kangapo.

Umboni weniweni uli pa mita yoyezera magetsi. Yezani cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa, batire isanadzaze, dzuwa lili bwino. Ikani mita pa DC, yezani pa timabowo ta PV, kenako pa ta batire. Ngati PV ikuwerenga 28 kapena 30 pomwe batire ili pa 13, ndi MPPT yoona. Ngati PV ikuwerenga 13.4 pomwe batire ili pa 13.1, ndi PWM, kaya pa katoni analembapo chiyani. Musayeze masana batire itakhuta, chifukwa nthawi imeneyo ngakhale PWM imaonetsa mavoloti okwera ku PV pamene switchi yake ikukhala yotsegula nthawi yambiri, ndipo mungapusitsike.

8. Lumikizani motsatira dongosolo

Yambani ndi batire, kenako panelo, pomaliza LOAD. Pomasula bwererani chammbuyo: LOAD ichoke kaye, kenako panelo, batire pomaliza. Chifukwa chake n'chakuti kontolola imadzuka ndi magetsi a batire, ndipo zambiri zimayeza batireyo kuti zidziwe ngati ndi ya 12 kapena ya 24. Ikayamba kuona panelo yokha imatha kusokonezeka kapena kupsa. Cholakwika chofala ndi kuchotsa batire masana kuti mukaibwereketse kapena kukaunikira usipa usiku, panelo ikadali yolumikiza. Ikani switchi kapena buleka ya DC pa waya wa panelo, muzizimitsa kaye. Polumikiza koyamba phimbani panelo ndi katoni, ndipo yezani ndi mita kuti mutsimikize pulasi ndi mainasi musanamange. Musadalire mtundu wa waya.

Pa waya wa pulasi, pafupi ndi batire penipeni, ikani fiyuzi. Pa kontolola ya maampu 30 ikani ya 40. Batire ikagundanitsidwa imatulutsa maampu mazanamazana, okwanira kuyatsa waya ndi denga la udzu.

Kunenepa kwa waya wa pakati pa kontolola ndi batire anthu amakupeputsa, pomwe kumasokoneza kutchaja konse. Kontolola imayeza mavoloti pa timabowo take, osati pa batire. Mukaika waya wa 2.5mm² wotalika mamita atatu, kupita ndi kubwera ndi mamita 6, ndipo pa maampu 20 pamatayika pafupifupi 0.8 ya voloti. Kontolola ikuona 14.4 pamene batire ili pa 13.6, ndiye imayamba kuchepetsa magetsi nthawi isanakwane, ndipo batire imachedwa kukhuta kapena dzuwa limalowa isanakhute. Waya wa 10mm² wotalika mita imodzi ndi theka umataya 0.1 yokha. Gulani wa kopa weniweni. Wina wotchipa ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, mukaupala ndi mpeni umayera mkati. Mangani zomangira zolimba, ndipo pakatha sabata muzibwereze. Kabowo kakuda kapena kosungunuka ndi chizindikiro cha waya wolobodoka.

Kontolola ikhale pakhoma, choimirira, pamthunzi podutsa mphepo, pafupi ndi batire koma osati pamwamba pake penipeni, chifukwa mpweya wotuluka mu batire yothira madzi umayaka ndiponso umadya zitsulo.

9. Iuzeni mtundu wa batire

Zambiri zimakupatsani zosankha monga FLD, SLD, GEL ndi LI. Yoyamba ndi yothira madzi, ndipo Boost yake imakhala 14.4 mpaka 14.8. Yachiwiri ndi yomata, cha m'ma 14.4. GEL imafuna otsikirapo, 14.1 kapena 14.2. Ngati pa batire palembedwa manambala ake, tsatirani amenewo kuposa athuwa. Palinso Equalize, kutchaja mwadala ndi mavoloti okwera kamodzi pa mwezi kuti zipinda zifanane. Imeneyi ndi ya batire yothira madzi. Pa GEL ndi pa lifiyamu izimitseni. Batire ya lifiyamu yolembedwa LiFePO4 imafuna 14.2 mpaka 14.4, ili ndi kachipangizo kake kodzitetezera mkati kotchedwa BMS, koma kontolola iyenerabe kukhala yodziwa lifiyamu.

Kutentha kwa kuno kukhudzanso apa. Manambala onsewa ndi a batire ya pa madigiri 25. Batire ya asidi ikatentha imafuna mavoloti otsikirapo, pafupifupi 0.02 mpaka 0.03 pa digiri iliyonse. M'chipinda cha malata chimene chafika madigiri 35 mu Novembala, 14.4 iyenera kukhala cha m'ma 14.1 kapena 14.2. Kontolola zabwino zimadzichitira zokha zimenezi ngati mwamata kawaya kake koyezera kutentha pambali pa batire. Kawayako kamakonda kutsala m'katoni. Kafufuzeni. Pa lifiyamu kusintha kumeneku sikufunika. Ndipo popeza moyo wa batire ya asidi umadulidwa pafupifupi ndi theka pa madigiri 10 alionse oposa 25, ipezereni malo ozizira kwambiri m'nyumbamo, osati pakona imene dzuwa la madzulo limawotcha khoma.

LVD yochokera ku fakitale imakhala yotsika, nthawi zambiri cha m'ma 11.1 kapena pansi pake. Ikwezeni ifike 11.8, ndipo mlingo woyatsiranso ukhale 12.6 kapena kuposa. Magetsi azizima msangako masiku a mitambo, koma batire izigona ndi kanthu m'mimba.

10. Yezani pakatha sabata

Sankhani tsiku la dzuwa, muyeze pa mitu ya batire penipeni kanayi. M'mamawa dzuwa lisanatuluke, zinthu zonse zitazima kwa kanthawi, ikhale 12.1 kapena kuposa. Ikakhala pansi pa 12 mukudya zambiri usiku. Cha m'ma 10 koloko ikhale ikukwera, 13 ndi kanthu. Pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko ifike pa Boost n'kukhalapo. Madzulo dzuwa lisanalowe ikhale itatsikira ku Float.

Ngati siikufika pa 14 tsiku lonse, yambani ndi zapafupi. Pukutani fumbi ndi zitosi za mbalame pa panelo ndi nsalu yonyowa, m'mamawa galasi lisanatenthe. Onani mthunzi, chifukwa nthambi imodzi ya mango kapena ya mgwalangwa yophimba kagawo kochepa imatha kugwetsa mphamvu ya panelo yonse. Panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri pafupifupi 15, ndipo pansi pake pakhale mpata wa chikhatho kapena kuposa kuti mphepo izidutsa pakati pa iyo ndi malata. Zonsezi zikakhala bwino, bwererani ku masamu a pa gawo 5, muone ngati zolowa zikuposa zotuluka.

Ngati ikupitirira 15 popanda Equalize, zimitsani panelo nthawi yomweyo. Mwina kontolola yaganiza kuti batire ndi ya 24, mwina switchi yake yamkati yapsa n'kumatirira, moti panelo yangolumikizika molunjika. Masulani zonse, lumikizaninso kuyambira ku batire, muone nambala imene ikuonetsa podzuka. Ikabwerezanso, kontololayo isinthidwe batire isanalumikizidwenso.

Pa batire yothira madzi, tsegulani zitsekerero kamodzi pa mwezi, nthawi yotentha kawiri. Madzi akhale pamwamba pa timapuleti. Onjezerani madzi a batire ogula aja okha, osati a m'nyanja, a pamjigo kapena asidi, ndipo thirani batire itadzaza, pokhapokha ngati timapuleti tayamba kuonekera, pamene muyenera kuthira ongokwanira kutiphimba musanatchaje. Ngati mukupezeka kuti mukuthira sabata iliyonse, Boost yakwera kwambiri poyerekeza ndi kutentha kwa chipindacho. Itsitseni ndi 0.2, muonenso pakatha masabata awiri.